Jenereta ya 2.5 kVA ikukanika kudzutsa pampu ya 1.1 kW: vuto lili pati?

"Zikomo bambo. Ndimalima tomato ndi mbatata ya kachewere kuno ku Dedza. Ndinakumbitsa chitsime n'kuikamo pampu yomira m'madzi, yolembedwa 1.1 kW, 1.5 HP, 8 A. Kenaka ndinagula jenereta ya petulo ya 2.5 kVA, poganiza kuti mphamvu yake ndi yoposa ya pampuyo kawiri. Koma ndikangoyatsa pampu, jenereta imabuula ngati izima, magetsi amathothoka, madzi osatuluka. Tsiku lina imadzuka, tsiku lina ayi. Waya wochoka pa jenereta kufika pachitsime ndi wa mamita 80. Wogulitsa akuti jenereta ilibe vuto. Kodi anandigulitsa yabodza, kapena pampu ndi imene yafa?" — Mlimi wa ku Dedza

Bambo, mtima m'malo. Mmene mwalongosoleramu, ndikuona kuti mwina jenereta yanu ndi yabwinobwino, pampu nayonso ndi yamoyo. Kungoti awiriwa si amsinkhu umodzi. Masamu amene munachita ndi amene pafupifupi aliyense amachita, ndipo akanakhala olondola mukanakhala kuti mukufuna kuyatsa mababu kapena ketulo. Mota ili ndi khalidwe lina. Koma ndisanapite patali ndikupempheni chinthu chimodzi: lekani kaye kuyesayesa kuyatsa pampuyo mpaka mutamaliza kuwerenga yankholi. Ulendo uliwonse umene ikung'ung'udza osazungulira, mawaya a m'kati mwake akupsa pang'onopang'ono.

Mwaonapo ngolo yodzaza matumba a feteleza itaima. Kuti ichoke pamalopo, ng'ombe zimaweramitsa mitu, goli limalira, mnyamata amakuwa, mwina wina n'kukankha kumbuyo. Ikangoyamba kugudubuzika, ng'ombe zomwezo zimayenda bwinobwino mpaka kumunda osavutika. Munthu amene angayese mphamvu ya ng'ombe poona ngolo ili kale pa ulendo angaganize kuti ngakhale thole lingakoke. Inu mwagula thole lokwanira kuyendetsa ngolo, koma losakwanira kuidzutsa.

M'kati mwa mota zimachitika motere. Mota ikamazungulira, iyo yokha imapanga magetsi ake obwerera, okankhana ndi amene akulowa, chifukwa mota yozungulira ndi mbale wake wa jenereta. Magetsi obwererawo ndi amene amatchinga kuti isamwe maampu ochuluka. Tsono pa nthawi imene mwangodina switchi, mota ili chiimire, ndipo chotchinga chija palibe. Chimene magetsi akupeza ndi mawaya a kopa okulungidwa basi, njira yotseguka. Ndiye amathamangiramo ochuluka kwambiri, katatu mpaka kasanu ndi kamodzi kuposa amene mota imamwa ikamagwira ntchito, ndipo mamota akuluakulu a mafezi atatu, aja olandira magetsi pa mawaya atatu amoto m'malo mwa mmodzi, amafika ngakhale kasanu ndi kawiri. Mota ikayamba kuthamanga, maampu aja amatsika okha. Pa pampu yabwino yolandira magetsi okwanira, zonsezi zimatha sekondi imodzi isanakwane. Pa magetsi a pa mzere waukulu simudziwa n'komwe, mumangoona babu laphethira kamodzi. Kumbuyo kwa mzerewo kuli makina akuluakulu a ku Nkula ndi ku Kapichira, kapampu kanu sangakamve. Jenereta yanu ilibe wina woithandiza.

Tiyeni tione manambala anu omwe. Cholakwika choyamba chili pa 1.1 kW. Nambala imeneyo si magetsi amene pampu imadya, ndi mphamvu imene mota imatulutsa pa shafiti yake. HP imodzi ndi mawatsi 746, choncho 1.5 HP ndi mawatsi pafupifupi 1,100, nambala yomweyo m'chiyankhulo china. Koma mota simatembenuza magetsi onse kukhala ntchito, ena amathera kutentha. Mota yaing'ono yomira m'madzi ngati yanuyi, kuti itulutse mawatsi 1,100 imadya cha m'ma 1,600 kapena kuposerako. Nambala imene ine ndimayamba kuyang'ana pa chitsulo cha mota ndi ya maampu, ndipo mwachita bwino kuilemba: 8 A. Chulukitsani ndi mavoti athu a kuno, 230:

230 × 8 = 1,840 VA

Ndiye kuti pampu ikuyenda mwamtendere, popanda vuto lililonse, ikutenga kale 1.8 kVA mwa 2.5 kVA ya jenereta yanu. Kuposa kawiri kuja kwatha kale tisanafike n'komwe pa nkhani ya kudzuka.

Podzuka, tingoyerekeza kuti ikufuna kanayi: maampu 32.

230 × 32 = 7,360 VA

Nanga jenereta yanu imakwanitsa maampu angati? 2,500 kugawa ndi 230 ndi maampu 11 osakwana bwino. Pampu ikuitanitsa 32, jenereta ili ndi 11. Kubuula kumene mukumva kuja ndi kumeneku.

Palinso zina ziwiri zimene zikuidya jeneretayo isanayambe ntchito. Yang'anani kachitsulo ka m'mbali mwake, musakhulupirire zilembo zikuluzikulu za pa thanki kapena pa katoni. Nthawi zambiri pamakhala manambala awiri, ina yolembedwa Max ndi ina Rated. Ya Max ndi imene jenereta ingapirire kwa kanthawi kochepa, ndipo ndi imene amakonda kuilemba mokulitsa. Yogwirira ntchito tsiku lonse ndi ya Rated. Ngati palembedwanso 0.8, ndiye kuti 2.5 kVA yanu ndi 2.0 kW yokha. Chachiwiri ndi Dedza weniweniyo. Muli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepuka, ndipo injini ya petulo imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse pa mamita 300 aliwonse amene mwakwera. Kwanuko ndiye kuti yataya cha m'ma 15 pa 100, kutsala 1.7 kW. Jenereta yomweyo mukanakhala nayo ku Nsanje ikanakhala ndi nyonga zochulukirapo. Ikani 1.7 kW pambali pa 1.6 kW imene pampu imadya, muona kuti ngakhale masiku amene yadzuka aja, injini imakhala ikukoka ndi mphamvu zake zonse popanda chotsala.

Chimene ndikufuna muchimvetse kwambiri ndi chimene chimachitika m'masekondi amene jenereta ikubuula, chifukwa pamenepa ndi pamene mapampu ambiri amafera. Jenereta ikapemphedwa maampu oposa msinkhu wake, mavoti amagwa, injini nayo imatsika liwiro. Tsono mphamvu yopotokola ya mota simatsika mofanana ndi mavoti, imatsika mofulumira kwambiri kuposa pamenepo. Mavoti akatsika kuchoka pa 230 kufika pa 160, mota imatsala ndi theka lokha la mphamvu yake yodzukira. Ikalephera kufika pa liwiro lake, magetsi obwerera aja sapangika mokwanira, ndiye imapitiriza kumwa maampu ochuluka. Maampu ochulukawo amapitiriza kupondereza mavoti pansi. Zimangozungulira choncho, mota ikung'ung'udza. Ndipo kutentha kwa waya kumakwera mochulukitsa maampu ndi iwo okha: maampu akachuluka kanayi, kutentha kumachuluka ka 16. Kwa theka la sekondi mota imapirira, inapangidwira zimenezo. Kwa masekondi 10 kapena 15, kangapo pa tsiku, vanishi wokuta mawaya amayamba kupsa.

Ndinaitanidwapo pa munda wina wa ndiwo zamasamba kufupi ndi Mitundu. Mwini wake anali ndi vuto longa lanuli, ndipo wina anamulangiza kuti achotse kabatani kofiira ka pa bokosi la pampu, kaja kamathothoka mota ikatentha, n'kulumikiza waya molunjika, ati kakusokoneza. Pampu inadzukadi masiku angapo. Tsiku limene ndinafika, tinakoka mapaipi onse, anthu anayi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Mita inali itandiuza kale, koma titatsegula mota fungo la vanishi wopserera linatilandira, mawaya a kopa atada bii, ena atamatirirana. Bamboyo anakhala pansi pa thumba la manyowa akuyang'ana kabichi wake amene anali atayamba kufota. Zinandipweteka, chifukwa kabatani kaja kanali kakumuuza zoona nthawi yonseyo. Chonde, buleka kapena kabatani kakathothoka, musakamange ndi waya, musaikenso fyuzi yokulirapo.

Tibwere ku waya wanu wa mamita 80. Simunanene kukula kwake, koma ambiri amagula wa 1.5 mm² chifukwa ndi wotchipa. Magetsi amapita ndi kubwerera, choncho akuyenda mamita 160. Pa waya woterowo, pampu ikamayenda bwino pa maampu 8, mumataya mavoti 15 panjira. Zimenezo n'zopiririka. Koma podzuka, pa maampu cha m'ma 30, waya yemweyo amadya mavoti pafupifupi 58. Onjezani apo zimene jenereta yagwetsa kale, ndi waya wotsikira m'chitsime, mupeza kuti mota pansi paja ikulandira zochepa zedi. Waya wa 4 mm² pa mtunda womwewo umataya mavoti 22 okha podzuka. Ndipo samalani ndi mawaya ena a pamsika, ooneka ofiira kunja koma ukapala ndi mpeni m'kati muli moyera. Amenewo ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa, amataya mavoti ochuluka kuposa kopa weniweni wa msinkhu womwewo. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene pampu yanu imadzukira tsiku lina, lina n'kukana: muli m'malire enieni, ndiye kanthu kakang'ono, kaya injini yozizira, kaya filiji yolumikizidwa nthawi yomweyo, kamasintha zonse.

Musanawononge ndalama ina, yesani izi mwa dongosolo, tsiku limodzi. Nyamulani jenereta mukaiike pafupi ndi chitsime, panja, kuti waya wautali uja achokepo. Zulani china chilichonse cholumikizidwa. Ilizeni, idzitenthetse mphindi zitatu kapena zisanu, choko chitatsegulidwa bwino. Ngati ili ndi batani lochepetsa liwiro posunga mafuta, lija amalemba Eco, lizimitseni, chifukwa injini yoyenda pang'onopang'ono singalandire katundu wodzidzimutsa. Kenaka yatsani pampu kamodzi kokha, maso ali pa mita ya mavoti. Singano ikagwa n'kubwerera msanga cha ku 220 kapena 230, sekondi isanathe, pampu yadzuka. Ikagwa n'kukhala pansi pomwepo, werengani mpaka katatu, zimitsani. Musabwereze mpaka patapita mphindi khumi.

Ikakana ngakhale pamenepo, zimitsani jenereta, zulani pulagi, tsegulani bokosi la pampu muone kapasita, kachitini kozungulira kaja. Ntchito yake ndi kupatsa mota ya fezi imodzi mbali yoyambira kuzungulira. Kapasita yofooka imachititsa zizindikiro zofanana ndendende ndi jenereta yaing'ono, ndipo ndi yotchipa kwambiri poyerekeza ndi jenereta yatsopano. Ikakhala yotupa, yosweka kapena yotuluka madzimadzi, yafa. Ikhozanso kufooka ikuoneka yabwino, apo mpofunika mita yoyezera. Musagwire timiyendo take ndi manja, imasunga magetsi ngakhale zonse zitazima. Posintha, gulani ya nambala yofanana ndi yolembedwa pa yakaleyo, ya µF ndi ya mavoti.

Yeso lomaliza, limene limathetsa mkangano wonse, ndi kubwereka jenereta yaikulu, ya 6 kVA kapena kuposa, kwa ola limodzi. Pampu ikadzuka mwamsanga, madzi n'kutuluka, mita yopana waya n'kuonetsa maampu osaposa 8, ndiye kuti pampu ilibe mlandu. Ikang'ung'udzabe pa jenereta yaikulu, vuto lili pansi. Pa zitsime zatsopano nthawi zambiri umakhala mchenga umene walowa n'kumanga mapiko a pampu, kapena madzi alowa pa mfundo yolumikizira waya. Pamenepo ngakhale mutagula jenereta ya chigayo simupindula kanthu, pampu iyenera kutulutsidwa.

Nanga yoyenera ndi yaikulu bwanji? Mwina mwaona 7,360 ija n'kuganiza kuti mukufunika 7.5 kVA. Sikuti nthawi zonse mpaka pamenepo ayi. Jenereta wamba imatha kupereka zoposa msinkhu wake kwa kamphindi, mavoti n'kutsikako pang'ono, ndipo mota imadzukabe malinga asatsike kwambiri. Lamulo limene ndagwiritsa ntchito zaka zambiri pa mapampu a fezi imodzi oyatsidwa molunjika ndi ili: tengani mavoti kuchulukitsa ndi maampu a pa chitsulo cha mota, zimene mwapezazo muchulukitse katatu. Kwa inu:

1,840 × 3 = 5,520 VA

Ndiye 5.5 kVA ya Rated, osati ya Max. Chifukwa cha kukwera kwa malo a ku Dedza ndi waya wautali uja, ine ndikanagula ya 6 kapena 6.5 kVA. Ngati mukufuna kuyatsanso zina, monga mababu ndi filiji, musachulukitse zonse katatu. Mota yaikulu kwambiri yokha ndi imene mumaiwerengera kudzuka, zinazo mumangoonjezera zimene zimadya zikamayenda, bola muziyamba kuyatsa pampu, zing'onozing'ono pambuyo, chimodzichimodzi. Filiji nayo ili ndi mota m'kati, ndipo pa kompuresa yake ena amalemba LRA, amene ndi maampu odzukira enieniwo. Ikazima mwadzidzidzi muziipatsa mphindi zisanu musanaiyatsenso, kuti mpweya wa m'mapaipi ake ukhazikike, apo ayi imavutika kudzuka ngati pampu yanuyi.

Kunena zoona, jenereta yaikulu si njira yokhayo, ndipo kwa mlimi sindiye nthawi zonse yabwino, chifukwa mudzakhala mukumwetsa petulo injini yaikulu tsiku lonse chifukwa cha sekondi imodzi yodzukira. Dzifunseni kaye ngati mukufunikadi pampu ya 1.5 HP. Ambiri amagulitsidwa pampu yaikulu kuposa madzi amene chitsime chimapereka. Ngati madzi anu sali akuya kwambiri, pampu ya 0.55 kW, imene imadya maampu 4 kapena 5, ikhoza kudzaza thanki pang'onopang'ono, ndipo jenereta yanu yomweyi, itaikidwa pafupi ndi chitsime, ili ndi mwayi wabwino woidzutsa. Koma zimenezi zimadalira kuya kwa madzi ndi kutalika kwa thanki, choncho tengani pepala limene okumba chitsime anakupatsani mukaonetse wodziwa mapampu musanasinthe.

Njira ina ndi kabokosi kotchedwa VFD, kamene kamayambitsa mota pang'onopang'ono, kukweza liwiro m'masekondi angapo, moti maampu odzukira saposa kwambiri oyendera. Kamagwira bwino kwambiri ndi mota ya mafezi atatu, ndipo tilipo tina timene timalandira fezi imodzi ya jenereta n'kutulutsa atatu. Pa mota ya kapasita ngati yanu, VFD wamba siyenera, musalole wina akuikireni mongoyesa. Mapampu a sola amadzukanso mofatsa choncho chifukwa ali ndi kabokosi kawo, n'chifukwa chake amayenda ndi mapanelo ochepa modabwitsa. Ngati tsiku lina pampu iyi idzatha, njira ya sola ndi imene ndingakulangizeni muiganizire poyamba. Chenjezo limodzi: majenereta aja opanda phokoso, a inveta, ndi abwino pa kompyuta ndi wailesi ya kanema, koma pa mota sapirira. Akaona maampu oposa malire amadula nthawi yomweyo, choncho yoteroyo imafunika ikhale yoti nambala yake ya Max ikufikadi pa zodzukira zonse.

Mukapeza jenereta yoyenera, dongosolo lake ndi ili: jenereta iyambe kulira, pampu pambuyo. Pozimitsa, pampu iyambe, jenereta pambuyo. Musalole petulo kuthera pampu ikuyenda, chifukwa injini ikamatsomokola, mavoti amakwera ndi kutsika, ndipo mota imavulala. Pampu isamayakenso ndi kuzima pafupipafupi. Kudzuka kulikonse kumasiya kutentha, choncho ndi bwino kudzaza thanki ulendo umodzi wautali kusiyana ndi maulendo khumi aafupi. Jenereta ikhale panja nthawi zonse, pansi pa kadenga kopanda makoma. Utsi wake uli ndi mpweya wosanunkha umene wapha mabanja ali m'tulo, ndiye ngakhale mukuopa akuba kapena mvula, musailize m'nyumba kapena m'kachipinda kotseka.

Muitane wamagetsi wodziwa mapampu, wokhala ndi mita yopana waya ndi mita yoyezera ngati magetsi akudontha kupita ku chitsulo, mukaona chimodzi mwa izi: pampu ikukana ngakhale pa jenereta yaikulu, maampu akupitirira 8 ikuyenda, bokosi likununkha zopserera, kapena paipi ndi madzi zikukugwirani magetsi ngakhale pang'ono. Chomalizachi musachedwe nacho ndi tsiku limodzi, zimitsani, ana asayandikire. Akabwera, mumuuze ayeze mavoti pa bokosi la pampu pa nthawi yeniyeni yodzuka, osati pa jenereta pokha, ndipo alembe manambalawo papepala. Pepala limenelo, pamodzi ndi 8 A ya pa pampu yanu, mupite nalo kwa amene anakugulitsani jenereta. Ngati idakali yatsopano, mwina angavomere kuilandira kuti muonjezere ndalama mutenge ya 6 kVA, ndipo muwapemphe kuti muiyese pachitsime panu musanamalize kulipira.